Jumbo la malisiti, buku la hadikava, sitetimenti kapena foni: kodi wamalonda wamng'ono asunge bwanji kaundula wa msonkho?

Mukangotenga TPIN, nambala ya wolipira msonkho, ku MRA, mwalowa m'gulu la anthu amene tsiku lina adzafunsidwa kuti nambala imene analemba pa fomu ya msonkho anaitenga kuti. Yankho la pakamwa silithandiza pamenepo. Wa msonkho amafuna aone zinthu zinayi: ndalama zimene munagulitsa, zimene munaodera katundu, zimene munawononga poyendetsa bizinesi, ndi katundu amene anatsala m'shopu chaka chitatha. Pa chilichonse mwa zinayizi amafuna pepala lochitira umboni. Ndiye poyerekeza njira zosungira kaundula, ine sindiyang'ana kuti njirayo ndi yamakono kapena ndi yachikale. Ndimafunsa kuti, pakatha zaka zisanu, kodi njira imeneyi idzathabe kuonetsa zinayizi pamodzi ndi umboni wake?

Kuti tisamalankhule za m'malere, tiyerekeze mayi wina amene ali ndi golosale ku Mponela. Amagulitsa shuga, mafuta ophikira, sopo ndi zina zotero pa kauntala, komanso amaperekera nyemba ku sukulu ina yogonera konko. M'chaka chimodzi wagulitsa katundu wa K19,200,000, ndipo K4,000,000 mwa ndalamazi ndi ya nyemba za ku sukulu. Pamene msonkho wongoyerekeza wa mabizinesi ang'onoang'ono unkayamba mu 2021, malire ake anali malonda a K12,500,000 pa chaka. Mayiwa adutsa pamenepo, choncho msonkho wawo uwerengedwa kuchokera pa phindu, ndipo phindu silidziwika popanda kaundula.

Masamu ake amayenda chonchi. Chaka chikuyamba anali ndi katundu wa K1,500,000 m'shopu. M'kati mwa chaka anaoda wa K15,300,000. Chaka chikutha anawerenga wotsala n'kupeza wa K1,900,000. Ndiye katundu amene anagulitsidwadi anamuoda pa K14,900,000. Mukachotsa imeneyi pa K19,200,000 patsala K4,300,000. Lendi, thiransipoti, magetsi, layisensi ya kukhonsolo ndi aganyu otsitsa katundu zinadya K1,500,000 zonse pamodzi. Phindu lodulidwa msonkho ndi K2,800,000. Tsopano tione kuti njira iliyonse ingawathandize bwanji mayiwa kuteteza nambala imeneyi.

Kungoponya malisiti mu jumbo kapena m'katoni

Iyi ndi njira imene ambiri tinayambira, ndipo sindiinyoza. Munthu amene ali ndi katoni yodzaza malisiti a ku holoselo ali pabwino kuposa amene ali ndi buku lolembedwa mwaukhondo koma lopanda lisiti ngakhale limodzi, chifukwa lisiti ndi umboni wochokera kwa munthu wina, pomwe buku ndi mawu a mwini wake.

Vuto lake ndi lakuti jumbo limangodziwa mbali imodzi. Limasunga zimene munagula, koma silidziwa zimene munagulitsa, popeza wogula sopo mmodzi pa kauntala sasiya pepala. Mayi athu aja akhoza kuonetsa kuti anaoda katundu wambiri, koma akafunsidwa kuti K19,200,000 anaipeza bwanji, asowa chonena. Zikatero wa msonkho ali ndi mphamvu yoyerekeza yekha malonda anu, ndipo ntchito yotsutsa nambala yake imakhala yanu.

Palinso nkhani ya malisiti a makina, aja otuluka m'makina a msonkho ndi m'makina a m'masitolo akuluakulu. Pepala lake sililembedwa ndi inki yeniyeni, limangodetsedwa ndi kutentha. Likakhala pa dzuwa, pafupi ndi malata otentha, kapena likakhudzana ndi mafuta, zilembo zimafufutika n'kutsala kapepala koyera. Ena amalimata ndi selotepi poganiza kuti akuliteteza, koma selotepiyo ndi imene imafulumizitsa kufufutika. Lisiti lotere lichitidwe fotokope kapena lijambulidwe pa foni lidakali looneka, makamaka ngati ndalama yake ndi yaikulu, ndipo fotokopeyo ibayidwe pamodzi ndi lisiti lenileni.

Buku la hadikava

Apa ndikhalitsapo, chifukwa kwa munthu wa golosale, wa hadiweya yaing'ono kapena wa kaunjika wa m'shopu, buku ndiye msana wa kaundula yense. Silifuna magetsi, silifuna bandulo, ndipo mwana wa sukulu amene mwamusiya pa kauntala angathe kulembamo.

Likhale buku losokedwa, osati kope lothothoka masamba, ndipo masamba ake mulembe manambala kuyambira tsamba loyamba. Lembani ndi bolopeni. Mukalakwitsa, dulani mzere umodzi kuti cholakwikacho chiziwerengekabe, n'kulemba cholondola pambali. Tsamba long'ambidwa kapena nambala yopakidwa zoyera zimapatsa munthu wofufuza chifukwa chokayikira buku lonse.

Simukuyenera kulemba machesi aliwonse amene mwagulitsa. Chofunika ndi mzere wa tsiku lililonse woonetsa malonda a kashi, malonda olipidwa pa foni, katundu amene watengedwa pa ngongole, ndi ndalama zimene zatuluka pamodzi ndi chifukwa chake. Madzulo potseka, onkhetsani ndalama yosinthira imene munayamba nayo ndi malonda a kashi ndi ngongole zimene anthu abweza, muchotsepo zimene mwalipira, ndipo chotsalacho chifanane ndi chimene chili mu dirowa. Mwachitsanzo, mwayamba ndi K20,000, mwagulitsa K48,000 ya kashi, wina wabweza ngongole ya K5,000, mwalipira wa kabaza K3,000. Mu dirowa muyenera kukhala K70,000. Mukapeza K64,000, ndiye kuti pali K6,000 imene yatuluka osalembedwa, ndipo usiku womwewo mungathe kukumbukira kuti munatuma mwana kukagula ndiwo. Pakatha mwezi simudzaikumbukiranso.

Zinthu ziwiri zimasokoneza mabuku ambiri. Choyamba ndi ngongole. Mphunzitsi akatenga katundu wa K30,000 pa 10 kuti adzalipire mwezi ukatha, malondawo ndi a pa 10 pomwepo. Akadzabweretsa ndalama, imeneyo ndi kubweza ngongole, si malonda atsopano. Amene amalemba kawiri amadzikweza okha malonda, n'kudzalipira msonkho pa ndalama imene sanaipeze. N'chifukwa chake buku la angongole likhale lapadera, munthu aliyense tsamba lake.

Chachiwiri ndi katundu wopita kunyumba. Paketi ya shuga imene mwatenga kuti ana amwere tiyi sinagulitsidwe, komanso si ndalama yoyendetsera bizinesi. Mayi athu akamatenga katundu wa K35,000 mwezi uliwonse, pa chaka ndi K420,000, ndipo ndalama imeneyi iyenera kubwezeredwa pa phindu powerengera msonkho. Ndikudziwa kuti ena anena kuti bwanji ndidziulule ndekha. Koma munthu wodziwa ntchito amayang'ana kuti pa katundu amene munaoda munayenera kupeza zingati. Akaona kuti katundu watuluka wambiri koma ndalama ndi yochepa, saganiza za tiyi wa ana, amaganiza kuti mukubisa malonda. Tsamba lolembedwa kuti “zotengera kunyumba” limakuyankhirani funso limenelo.

Buku lilinso ndi mphamvu pamalo pamene njira zina zonse zimalephera: kugula kwa alimi. Mwa K15,300,000 imene mayi aja anaodera katundu, K2,400,000 inali ya nyemba zogula kumidzi, kwa anthu opanda lisiti. Ngati ndalama imeneyi ilibe umboni uliwonse n'kukanidwa, phindu lawo lichoka pa K2,800,000 kufika pa K5,200,000, ndipo msonkho uwerengedwa pa nambala yachiwiriyi ngakhale kuti m'thumba mulibe ndalama yotero. Mankhwala ake ndi kabuku ka malisiti ka kaboni kamene kamapezeka m'masitolo a zolembera. Inu ogula mulembe nokha tsiku, dzina la mlimi, mudzi wake, nambala ya foni kapena ya chitupa cha unzika ngati walola, makilogalamu, mtengo wa pa kilo, kenaka iye asayine kapena adinde chala. Silifanana mphamvu ndi invoyisi ya kampani, koma likagwirizana ndi makilogalamu amene sukulu inalandira, nkhani yanu imamveka.

Kufooka kwa buku n'kodziwika. Ndi limodzi lokha, ndipo moto, denga lodontha, chiswe kapena akuba zikalipeza, chaka chonse chapita. Komanso kuonkhetsa masamba a miyezi khumi ndi iwiri nthawi imodzi n'kotopetsa ndipo kumabala zolakwika, choncho onkhetsani mwezi uliwonse ukatha, mulembe zotsatira pa tsamba limodzi kumapeto kwa buku.

Kudalira sitetimenti ya ku banki, Airtel Money kapena Mpamba

Masiku ano ambiri akuti safunikanso buku popeza zonse zili pa foni. Ubwino wa sitetimenti ndi woonadi: inalembedwa ndi banki kapena kampani ya foni, ili ndi tsiku ndi ndalama yeniyeni, ndipo palibe anganene kuti mwaipeka. Koma sitetimenti imangonena kuti ndalama yalowa, sinena kuti yalowa chifukwa chiyani. K200,000 yochokera kwa mchimwene wanu wa ku Joni, ngongole ya banki m'khonde, chipepeso cha maliro ndi malipiro a kasitomala zonse zimaoneka chimodzimodzi. Ngati mumagwiritsa ntchito nambala imodzi pa zapakhomo ndi za bizinesi, wofufuza akhoza kuonkhetsa zonse zolowa n'kuzitcha malonda, ndipo mudzafunika kufotokoza mzere uliwonse wa zaka zapitazo.

Ndiye njira imeneyi imagwira ntchito pokhapokha bizinesi ili ndi nambala yake kapena akaunti yake, ndipo ndalama iliyonse yolowa imene si malonda yalembedwa m'buku tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti mauthenga a pa foni si kaundula: foni imabedwa, simukadi imatsekedwa, mauthenga amadzaza n'kufufutidwa. Pemphani sitetimenti yeniyeni nthawi ndi nthawi, muisindikize, muiike mu fayilo. Kupempha ya zaka zakale nthawi imodzi kumachedwa ndipo ku banki kumakhala ndi mtengo wake.

Kwa mayi a ku Mponela, sitetimenti ingathe kuonetsa bwino ndalama za ku sukulu ndi zolipira ku holoselo, koma malonda a kashi a pa kauntala, amene ndi gawo lalikulu la bizinesi yawo, sadzaonekamo ngati samakasungitsa ndalamazo asanaodere katundu wina.

Tili pa ndalama za ku sukulu pomwepa, pali pepala limodzi limene ndi ndalama ndithu. Bungwe likagula katundu kwa wamalonda limaduliratu msonkho wa K3 pa K100 iliyonse n'kukapereka ku MRA m'dzina la wogulitsayo. Pa K4,000,000 ya nyemba, sukulu inadula K120,000, ndipo ku akaunti kunalowa K3,880,000. Mayiwa akangokopera sitetimenti alemba malonda ochepa, ndipo nambala yawo isiyana ndi imene sukulu inanena. Cholondola n'kulemba malonda a K4,000,000, kenaka K120,000 ichotsedwe pa msonkho umene akuyenera kulipira chaka chimenecho. Kuti ichotsedwe pamafunika setifiketi yosonyeza kuti msonkho unadulidwa, yokhala ndi TPIN yawo yolondola. Iitanitseni nthawi iliyonse mukalipidwa, chifukwa woyang'anira chuma pa sukulu akasamutsidwa, womulowa m'malo sadzakhala ndi changu chofufuza za mnzake.

Excel kapena mapulogalamu a pa foni

Mphamvu ya kompyuta ndi kuonkhetsa. Mukalemba tsiku lililonse pa mzere wake, malonda a chaka chonse amatuluka ndi lamulo limodzi ngati ili:

```
=SUM(C2:C366)
```

Izi zimathandiza kwambiri munthu amene amalipira msonkho wa pakatipakati miyezi itatu iliyonse, chifukwa amafunika kudziwa msanga kuti phindu likuyenda bwanji. Malamulo amafuna kuti zimene mwalipira m'zigawo zinayizo zifike pa K90 pa K100 iliyonse ya msonkho wa chaka chonse, apo ayi pamabwera chilango, ndiye kungoponya nambala ya m'mutu n'koopsa.

Koma fayilo ya pa kompyuta ingasinthidwe lero n'kuoneka ngati inalembedwa chaka chatha, ndipo a msonkho amadziwa zimenezo. Payokha, yopanda malisiti kumbuyo kwake, ndi yofooka kuposa buku lakale lothimbirira ndi zala. Mapulogalamu aulere a pa foni ali ndi vuto lina: zaka zimene lamulo likufuna n'zambiri kuposa moyo wa foni, ndipo nthawi zina n'zambiri kuposa moyo wa pulogalamuyo. Ngati pulogalamu silola kutulutsa zonse kuti muzisindikize kapena muzitumize ku imelo yanu, musaisungitse kaundula wa msonkho.

Ntchito imene foni imaigwira bwino kuposa china chilichonse ndi kujambula. Kumapeto kwa mwezi jambulani masamba a buku ndi malisiti akuluakulu, muzitumize ku imelo, osangozisiya pa WhatsApp pamene zimatayika foni ikasinthidwa. Pamenepo vuto lija la buku, loti ndi limodzi lokha, latha.

Kulipira akauntanti

Akauntanti wabwino amadziwa zimene zimaloledwa kuchotsedwa pa phindu ndi zimene siziloledwa. Adzakuuzani, mwachitsanzo, kuti firiji kapena njinga yamoto ya bizinesi sichotsedwa yonse chaka chimene mwaigula, imachotsedwa pang'onopang'ono zaka zingapo. Adzakukonzeraninso fomu ya pachaka, imene iyenera kuperekedwa pasanathe masiku 180 chaka chanu cha bizinesi chitatha, n'kuilowetsa pa Msonkho Online, tsamba la pa intaneti la MRA. Kwa munthu amene walembetsa VAT, amene amapereka fomu mwezi uliwonse pofika pa 25, thandizo lotere limabweza ndalama yake.

Chimene akauntanti sangachite ndi kulenga malisiti amene simunasunge. Amaphika ndi ufa umene mwamubweretsera. Ndipo osayina fomu ndinu, choncho nambala yabodza ikalowa, chilango ndi chanu. Samalani ndi aja amene amati muwapatse kangachepe akukonzereni mabuku a chaka chonse usiku umodzi osafunsa pepala lililonse. Mukapereka malisiti kwa akauntanti weniweni, lembani zimene watenga, ndipo ntchito ikatha azibweze pamodzi ndi kope la zimene wapereka ku MRA. Dzina ndi nambala yachinsinsi yolowera pa Msonkho Online zikhalenso m'manja mwanu, osati mwa iye yekha.

Ine ndingasankhe chiyani

Kwa bizinesi ya msinkhu wa mayi aja, ndingatenge buku la hadikava kukhala mutu, envelopu imodzi ya mwezi uliwonse yosungira malisiti ndi mainvoyisi motsatira masiku, nambala ya foni ya bizinesi yokha, ndi zithunzi zotumizidwa ku imelo mwezi ukatha. Akauntanti abwere kamodzi pa chaka. Excel ilowe pokhapokha pali munthu pakhomo amene aziilemba mosadumphitsa, chifukwa fayilo yolembedwa miyezi inayi n'kusiyidwa ilibe ntchito. Amene akadali pansi pa malire a msonkho wongoyerekeza angachepetse zina, koma buku la malonda a tsiku ndi tsiku asalisiye, popeza ndi lokhalo limene lingaonetse kuti alidi pansi pa malirewo.

Chinthu chimodzi palibe njira imene ingakuchitireni: kuwerenga katundu tsiku lomaliza la chaka cha bizinesi. Tsekani shopu msanga, muwerenge chilichonse, mulembe kuchuluka kwake ndi mtengo umene munaodera, osati wogulitsira, kenaka musayine ndi kulemba tsiku. Katundu wowonongeka kapena wodutsa masiku mumulembe padera. K1,900,000 ya mayi aja inachokera pa pepala limeneli, ndipo nambala yomweyo ndi imene idzatsegule chaka chotsatira. Ikalakwika, zaka ziwiri zalakwika. M'zaka zimene mitengo ikuthamanga, monga zinachitikira kwacha itatsitsidwa mphamvu mu Novembala 2023, katundu yemweyo amakhala ndi mitengo iwiri kapena itatu yoodera, ndiye yang'anani pa mainvoyisi m'malo modalira mtengo umene uli m'mutu.

Zosunga ndi zaka zake

Kupatula buku, malisiti ndi masitetimenti, fayilo ya chaka chilichonse ikhale ndi kope la fomu imene munapereka, umboni wa msonkho uliwonse umene munalipira, masetifiketi a msonkho wodulidwiratu, pepala lowerengera katundu, pangano la lendi, layisensi ya kukhonsolo, zolipira antchito zosayinidwa, mapepala a ngongole, ndi kalata iliyonse yochokera ku MRA. Oitanitsa katundu kunja, kaya amadzera ku Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe, asunge mapepala a kasitomu pamodzi ndi invoyisi ya kumene anagula, chifukwa msonkho wa pachipata ndi gawo la mtengo woodera.

Pa zaka, malamulo a msonkho akhala akutchula zaka 6 kapena 7. M'malo molekanitsa mapepala, sungani onse zaka 7. Kuwerenga kuyambire pamene chaka cha bizinesi chathera, osati pa tsiku lolembedwa pa lisiti. Ngati chaka chanu chinatha pa 31 Malichi 2025, lisiti la mu Epulo 2024 ndi la mu Malichi 2025 onse akhale mpaka pa 31 Malichi 2032, ndipo ngati fomu ya chaka chimenecho munaipereka mochedwa, werengerani kuyambira tsiku limene munaipereka.

Mapepala ena sayendera zaka 7 zimenezi. Lisiti la firiji, sikelo, galimoto kapena nyumba ya bizinesi lisungidwe nthawi yonse imene chinthucho chili chanu, kenaka zaka 7 chitagulitsidwa, chifukwa mtengo umene munagulira udzafunika powerengera msonkho pa tsiku logulitsa. Chaka chimene chikufufuzidwa kapena chimene mukutsutsana ndi MRA, musataye pepala lake lililonse mpaka nkhaniyo itatha ndipo mwalandira kalata yotsimikiza. Setifiketi yolembetsera bizinesi ndi pepala la TPIN sizitayidwa konse. Ndipo kutseka shopu sikufafaniza udindo: mukasiya bizinesi, dziwitsani a MRA polemba kalata, musunge kope lake, ndipo mafayilo a zaka zomalizazo akhalebe mpaka zaka zake zitakwana. Asungidwe mu chidebe cha pulasitiki chotsekeka bwino, pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa, ndipo ngati n'kotheka kunyumba osati m'shopu momwe muli palafini ndi mafuta.